Makina ndi amodzi, mbewu ndi zitatu: muyambe kufinya iti?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Kamwendo, m'boma la Mchinji: "Ndili ndi makina amodzi ofinyira mafuta, ndipo ndimafinya mtedza, soya ndi mpendadzuwa. Chifukwa cha kuzima kwa magetsi, makinawa amagwira ntchito pafupifupi maola 120 okha pa mwezi, choncho sindikwanitsa maoda onse. Ndimayamba ndi mtedza chifukwa ndi umene umandisiyira ndalama zambiri pa chigubu, kenako soya, mpendadzuwa pomaliza. Koma mwezi ukatha ndalama sizioneka. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Mayi, cholakwika chili pa muyeso umene mukugwiritsa ntchito posankha mbewu yoyamba. Zigubu sizikusowa, pakuti mukhoza kugula zambiri monga mufunira, ndipo ogula nawonso alipo oposa amene mungawakwanitse. Chimene chikuperewera ndi nthawi ya makina, choncho mbewu iliyonse iyenera kuyesedwa ndi ndalama zimene ikusiya pa ola limodzi limene yakhala m'makinawo. Chigubu chosiya ndalama zambiri chikhoza kukhala chimene chikukusaukitsani ngati chikudya nthawi imene mukanadzaziramo zigubu ziwiri za mbewu ina.

Tiyambe ndi ndalama imene chigubu chimodzi chimasiya, imene m'yankho lino ndiitchula kuti chotsala. Mutenge ndalama zonse zimene chigubu cha malita 20 chimabweretsa, kuphatikizapo za keke yotsala mukafinya, imene alimi a nkhuku, nkhumba ndi ng'ombe amagula. Pa ndalamazo muchotse zokhazo zimene simukanawononga chigubucho chikanapanda kupangidwa: mbewu, chigubu chenichenicho, magetsi amene makina adya pofinya, aganyu olipidwa pa thumba, ndi mtengo wonyamulira katunduyo kupita kwa wogula. Lendi ya nyumba, malipiro a mlonda, malipiro a pamwezi a woyendetsa makina ndi ngongole ya makinawo zisalowe m'masamu amenewa. Zimenezi mudzalipira chimodzimodzi kaya mwafinya mtedza, kaya soya, kaya makina angokhala mwezi wonse, motero sizingakuuzeni mbewu yoti muyambe nayo. Anthu ambiri amagawa lendi ndi malipirowa pa chigubu chilichonse pofuna kupeza phindu lenileni, ndipo kugawako n'kothandiza poika mitengo, koma posankha chofinya kumasokoneza, chifukwa gawo limene mbewu yapatsidwa limadalira njira yogawira imene mwiniwake wasankha.

Ndigwiritsa ntchito ziwerengero zachitsanzo, ndipo inu muikepo zanu zochokera m'kope lanu la malonda. Tinene kuti chigubu cha mafuta a mtedza chimafuna makilogalamu 60 a mtedza wosenda, wogulidwa pa K2,200, zimene zikukwana K132,000. Zina zoyenda ndi chigubucho ndi K18,000. Mafutawo mumagulitsa K160,000 ndipo keke yake imabweretsa K32,000. Mukachotsa K150,000 pa K192,000, chotsala ndi K42,000. Mpendadzuwa umafuna makilogalamu 80 pa K900, ndiye kuti K72,000, kuwonjezapo K14,000 ya zina; mafuta ake ndi K100,000, keke ndi K16,000, ndipo chotsala ndi K30,000. Soya ali ndi mafuta ochepa kwambiri poyerekeza ndi mbewu ziwiri zinazi, kotero kuti chigubu chimodzi chimafuna makilogalamu 160 pa K1,000, kuwonjezapo K24,000 ya zina. Mafuta ake ndi K100,000, koma keke yake, imene ndi yambiri komanso yofunidwa ndi opanga chakudya cha ziweto, imabweretsa K120,000, ndipo chotsala ndi K36,000. Taonani kuti pa soya keke ikuposa mafuta. Munthu amene angaiwale keke m'masamu ake angaganize kuti soya akumuluzitsa, pamene sizili choncho.

Kufika pamenepa ndondomeko yanu ikuoneka yolondola: mtedza K42,000, soya K36,000, mpendadzuwa K30,000. Tsopano tilowetsepo wotchi. Tinene kuti makina anu amafinya mpendadzuwa wa chigubu chimodzi m'mphindi 45, pamene mtedza, umene mumaufinya pang'onopang'ono ndi kubwezeranso keke yake m'makina kachiwiri kuti mafuta atuluke mokwanira, umatenga ola limodzi ndi theka. Soya, chifukwa cha kuchuluka kwa makilogalamu ake, amatenga maola awiri. Mugawe chotsala cha chigubu ndi maola amene chigubucho chatenga. Mtedza ndi K42,000 kugawa ndi 1.5, zimene zikupereka K28,000 pa ola. Soya ndi K36,000 kugawa ndi 2, ndiye kuti K18,000 pa ola. Mpendadzuwa ndi K30,000 kugawa ndi 0.75, zimene zikupereka K40,000 pa ola. Mbewu imene mumaiika pomaliza ndi imene iyenera kukhala yoyamba, ndipo soya, amene mumamuika pachiwiri, ayenera kutenga maola okhawo amene mbewu zinazo zasiya.

Izi sizikutanthauza kuti mufinye mpendadzuwa wokhawokha mwezi wonse, chifukwa ogula ake ali ndi malire. Tinene kuti magolosale ndi okazinga tchipisi a ku Kamwendo, ku Mkanda ndi ku Boma amagula zigubu 80 za mafuta a mpendadzuwa pa mwezi, ogula mafuta a mtedza amafuna zigubu 30, ndipo a soya zigubu 25. Kuti mukwanitse zonsezi pakufunika maola 60 a mpendadzuwa, maola 45 a mtedza ndi maola 50 a soya, pamodzi maola 155, pamene inu muli ndi 120. Njira yake ndi kudzaza maolawo kuyambira pamwamba. Mpendadzuwa utenge maola ake onse 60 ndi kusiya K2,400,000. Mtedza utenge maola ake 45 ndi kusiya K1,260,000. Patsala maola 15, amene akukwana zigubu 7 za soya zosiya K252,000, ndi ola limodzi lapadera. Mwezi wonse wasiya K3,912,000, ndipo pa ndalama imeneyi ndi pamene mumachotsa lendi, malipiro ndi ngongole kuti muone phindu.

Ndondomeko imene mukutsata pakali pano ikupereka mtedza maola 45, soya maola 50, ndipo mpendadzuwa ukutsala ndi maola 25 okha, amene akukwana zigubu 33. Mtedza ukusiya K1,260,000 yomwe ija, soya K900,000, mpendadzuwa K990,000, pamodzi K3,150,000. Kusiyana kwake ndi K762,000 pa mwezi, makina ali omwewo, antchito omwewo, maola omwewo. Gwero la kusiyanaku n'losavuta kuliona. Pali maola pafupifupi 35 amene mukupatsa soya pamene ogula mpendadzuwa akubwerera opanda katundu, ndipo pa ola lililonse lotere mukulandira K18,000 m'malo mwa K40,000. Ngati zolipira zanu za mwezi ndi mwezi zili pafupi ndi K3,000,000, ndondomeko yakaleyo ikukusiyirani K150,000 yokha, pamene yatsopanoyi ikanakusiyirani yoposa K900,000, ndipo n'chifukwa chake mumagwira ntchito mwezi wathunthu koma ndalama osaziona.

Masamu onsewa ayima pa mphindi, ndipo mphindi ndi zimene anthu ambiri amangoganizira m'mutu. Musadalire chiwerengero cholembedwa pa chitsulo cha makina kapena chimene wogulitsa anakuuzani, chifukwa chimenecho ndi cha makina atsopano ofinya mbewu youma bwino komanso yopetedwa. Muike kope pafupi ndi makina, ndipo kwa sabata ziwiri woyendetsa azilemba nthawi yoyambira, nthawi yomalizira, mbewu imene wafinya ndi malita amene atuluka. Mudzaona kuti mbewu yachinyontho imatsekereza makina ndi kutulutsa mafuta osakanikirana ndi nsenga zambiri, kuti mbewu ya mchenga ndi timiyala imadya zitsulo za m'kati, komanso kuti zitsulozo zikatha mphindi zimawonjezeka pamene malita akuchepa. Mphindi 45 za mpendadzuwa zikasanduka ola lathunthu, chotsala chake pa ola chimatsika kuchoka pa K40,000 kufika pa K30,000, ndipo pamenepo mpendadzuwa wayandikana kwambiri ndi mtedza.

Palinso nthawi yosinthira mbewu, imene siilowa m'chigubu chilichonse koma imadya maola omwewo. Pochoka pa mtedza kupita pa mpendadzuwa pamafunika kuyeretsa makina, kusintha mpata wotulukira keke ndi kudikira kuti makina atenthe bwino asanayambe kutulutsa mafuta mokwanira. Ngati kusinthaku kumatenga theka la ola ndipo mumasintha kawiri pa tsiku kwa masiku 20, maola 20 apita, amene ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mwezi wanu wonse. N'kwabwino kufinya mbewu imodzi kwa masiku angapo motsatizana. Ndipo pamene oda ya mbewu ina ndi yaing'ono, nthawi yosinthirayo muiwerengere pa oda yomweyo: zigubu ziwiri za soya zimatenga maola anayi, koma mukawonjeza theka la ola polowa ndi theka lina potuluka akukwana asanu, ndipo K72,000 kugawa ndi 5 ndi K14,400 yokha pa ola.

Masamu amenewa amakuuzaninso mtengo wa ola limodzi lowonjezera, ndipo mbali imeneyi ndi imene ndimaona kuti eni makina amaiphonya kawirikawiri. Mutamva kuti mpendadzuwa umasiya K40,000 pa ola, mukhoza kuganiza kuti jenereta yodya K25,000 pa ola kuposa mtengo wa magetsi ndi yaphindu. Koma ola la 121 silidzafinya mpendadzuwa, pakuti ogula ake mwawakwanitsa kale, ndipo silidzafinyanso mtedza. Lidzafinya soya, wosiya K18,000, kotero kuti pa ola lililonse la jenereta mudzaluza K7,000. Mtengo wa ola lowonjezera ndi chotsala cha mbewu imene yatsalira pa mzere, osati cha mbewu yopambana. Chiwerengerochi chimasintha maola akasintha. Mwezi umene magetsi avuta kwambiri n'kukusiyirani maola 90 okha, mpendadzuwa utenga 60, mtedza utenga 30 mwa 45 ake, ndipo ola lowonjezera likhala la mtedza, la K28,000. Pamenepo jenereta ya K25,000 ikusiya K3,000 pa ola, koma kwa maola 15 okha, mpaka mtedza utakwanira. Muyeso womwewu muugwiritse ntchito poganizira zolipira woyendetsa makina kuti agwire usiku pamene magetsi ayaka: ngati malipiro owonjezerawo ndi K5,000 pa ola, ntchito ya usiku ndi yaphindu ngakhale pofinya soya, kufikira maoda onse atakwana pa maola 155. Kupitirira pamenepo ola lowonjezera lilibe mtengo, chifukwa palibe wogula.

K18,000 yomweyi ndi chingwe choyesera ntchito ina iliyonse yofuna kulowa m'makina anu. M'nyengo yokolola alimi amabwera ndi mpendadzuwa wawo kuti muwafinyire n'kulipira pa kilogalamu, monga momwe zimakhalira kuchigayo. Ngati mumalipiritsa K250 pa kilogalamu ndipo makina amamaliza makilogalamu 100 pa ola, mwalandira K25,000. Mukachotsa K5,000 ya magetsi ndi aganyu patsala K20,000 pa ola. Ntchito imeneyi ikuposa soya pang'ono, komanso siifuna kuti mugule mbewu kapena kudikira wogula, choncho ikhoza kutenga maola 15 otsala aja. Koma isalande maola a mpendadzuwa wanu, ndipo isalandenso a mtedza pokhapokha mtengo wofinyira utakwera kufika pa K330 pa kilogalamu, pamene ikufanana ndi mtedza.

Nthawi zina pamakhala lonjezo limene munapanga kale. Tinene kuti munagwirizana ndi mlimi wa nkhuku wa ku Lilongwe kuti mwezi uliwonse muzimupatsa keke yochokera ku zigubu 15 za soya. Lonjezo likwaniritsidwe, ndipo maola ake 30 muwachotse poyamba musanagawe otsalawo. Pa maola 90 otsala, mpendadzuwa utenga 60 ndipo mtedza utsala ndi 30, okwana zigubu 20 m'malo mwa 30. Mwataya K420,000 ya zigubu 10 za mtedza, mwapeza K288,000 ya zigubu 8 zowonjezera za soya, ndiye kuti lonjezolo likukudyerani K132,000 pa mwezi. Sindikunena kuti mulithetse, pakuti wogula wokhazikika amene amalipira pa nthawi yake ali ndi phindu limene silioneka m'masamu a mwezi umodzi, makamaka m'miyezi imene msika wa mafuta wazizira. Koma mukudziwa tsopano chimene mukulipira kuti mumusunge, ndipo pokambirana mtengo watsopano muli ndi poyambira: chigubu cha soya chimene chikulanda maola awiri a mtedza chiyenera kusiya K56,000, osati K36,000.

Ndondomeko ya mbewu siikhala yomweyo chaka chonse, ndipo ndi bwino kudziwiratu pamene idzatembenukire. Mpendadzuwa udzafanana ndi mtedza chotsala chake pa chigubu chikatsika kufika pa K21,000, chifukwa K21,000 pa mphindi 45 ndi K28,000 pa ola. Kutsika kumeneku ndi K9,000 yokha, ndipo mukaigawa pa makilogalamu 80 mupeza kuti kukwera kwa mbewu ndi K113 pa kilogalamu n'kokwanira kutembenuza ndondomekoyo, ngati mtengo wa mafuta sunasinthe. Mbewu zimatchipa pokolola, cha m'ma Epulo mpaka Juni, kenako zimakwera pamene chaka chikupita kumapeto, motero masamuwa muziwabwereza nthawi iliyonse mtengo wa mbewu, wa mafuta kapena wa keke ukasuntha. Pobwerezapo muike mtengo wa mbewu wa lero, ngakhale mbewu imene ili m'nkhokwe munaigula motchipa pokolola. Thumba la soya limene munagula K50,000 ndipo lero mavenda akuligula K70,000, mukaliika m'makina mwataya K70,000 imene mukanalandira mutaligulitsa losafinya. Zikhoza kutheka kuti pa mtengo wa lero soya wina ndi bwino kumugulitsa momwemo n'kusiyira maolawo ntchito ina. Onaninso kuti m'chitsanzo chathu kusinthana malo kwa mpendadzuwa ndi mtedza sikusintha kanthu pa maola 120, chifukwa zonse ziwiri zikukwanira. Malire ofunika kuwayang'anira ndi a pakati pa mbewu yomaliza kukwanira ndi imene ikutsalira.

Njira imeneyi imagwira ntchito pokhapokha choperewera chili chimodzi, ndipo muyenera kutsimikiza kuti chimodzicho ndi makina ofinyirawo. Chizindikiro chake ndi pamene katundu akuunjikana. Ngati matumba a mbewu adzaza pakhomo kudikira makina, pamene osefa ndi othira m'zigubu akukhala opanda chochita, choperewera ndi makina. Ngati migolo ya mafuta osasefa ndi imene yadzaza ndipo makina akuzimitsidwa kudikira malo, choperewera ndi sefa, ndipo muyenera kugawa chotsala ndi maola a sefayo. Ngati magetsi alipo koma makina angokhala chifukwa mulibe ndalama zogulira mbewu, choperewera ndi mpamba, ndipo muyeso wake ndi chotsala pa kwacha iliyonse imene mwalowetsa. M'chitsanzo chathu mpendadzuwa umasiya K30,000 pa K86,000, pafupifupi matambala 35 pa kwacha, mtedza matambala 28 ndipo soya pafupifupi matambala 20, kotero kuti ndondomeko ikufanana ndi ya maola. Kufananaku kwangochitika pa ziwerengero izi, ndipo pa ziwerengero zanu miyeso iwiriyi ikhoza kutsutsana. Ikatsutsana, ndipo maola ndi mpamba zikuperewera pa nthawi imodzi, kusanja mbewu pa mzere umodzi sikukwaniranso. Pamenepo pamafunika masamu oyesa malire awiriwo pamodzi, amene wowerengera chuma akhoza kukuchitirani pa kompyuta ndi chida cha Solver cha mu Excel, pomupatsa chotsala cha mbewu iliyonse, maola ake, mpamba wake ndi malire a ogula.

Malire a ogulawo nawonso muwayese ndi zimene zalembedwa, osati ndi zimene ogula amanena pakamwa. Popeza pakali pano mumangopanga zigubu 33 za mpendadzuwa, simunaonepo ngati msika ungatengedi 80 pa mtengo wa K100,000. Ngati zigubu 20 zomalizira zingagulidwe pokhapokha mutatsitsa mtengo ndi K10,000, muziwerenge ngati katundu wina payekha: chotsala chake ndi K20,000 pa chigubu, pafupifupi K26,700 pa ola, ndipo zikhala pansi pa mtedza koma pamwamba pa soya. Zimenezi zili choncho ngati kutsitsako n'kwa zigubu zomalizirazo zokha, mwachitsanzo zopita kwa wopikula mmodzi wa kutali. Ogula anu onse akamva n'kufuna mtengo womwewo, K10,000 ichoka pa zigubu zonse 80, ndipo zigubu 20 zowonjezerazo zibweretsa K400,000 pamene zikuchotsa K600,000 pa zigubu 60 zoyamba. Choncho m'mwezi woyamba mukweze mpendadzuwa kufika pa zigubu 55 kapena 60 pochotsa maola ku soya, mulembe masiku amene chigubu chilichonse chakhala chisanagulidwe ndi mtengo umene chapitira, ndipo mupitirize kukweza m'mwezi wotsatira ngati zigubuzo zikutha pa mtengo wonse.